Chipilala chachitali sichinena zonse: kujambula histogalamu magulu akasiyana kukula

Tiyerekeze kuti pa chipatala china chaching'ono cha kumudzi, kalaliki wawerenga odwala onse amene abwera kudzalandira thandizo m'sabata imodzi, ndipo apezeka 200. Manambalawa ndangowapeka kuti tiphunzirirepo, koma kagawidwe ka zaka ndi kofanana ndi kamene timakaona kawirikawiri m'malipoti a zaumoyo. Makanda osakwana chaka chimodzi analipo 14. Ana a zaka 1 mpaka 4 analipo 36. A zaka 5 mpaka 14 analipo 50. A zaka 15 mpaka 49 analipo 70, ndipo a zaka 50 kupita m'tsogolo analipo 30.

Mutapatsa munthu manambalawa n'kumuuza kuti awajambule pa galafu, khumi mwa khumi adzachita chinthu chimodzi. Adzalemba zaka pa mzere wogona, n'kumanga chipilala pamwamba pa gulu lililonse, msinkhu wake wolingana ndi chiwerengero cha odwala: 14, 36, 50, 70, 30. Akamaliza, pepala lonse lidzadzadza ndi chipilala chimodzi chachikulu, cha a zaka 15 mpaka 49, chachitali kuposa zonse komanso chotambalala kuposa zonse. Cha makanda chidzakhala kachitsotso kakang'ono pakona, koti ukapanda kuyang'anitsitsa sungakaone n'komwe. Aliyense woona chithunzicho adzati pa chipatalapo pamadzadza akuluakulu, makanda amangobwera mwa apo ndi apo.

Komatu amene anakhalapo pa benchi ya chipatala m'mawa wa Lolemba akudziwa kuti si mmene zilili. Kulira kwa ana kumamveka uli kunja. Manambala ali bwinobwino, palibe amene wanama, koma chithunzicho chasocheretsa. Ndipo vuto lake si la dzanja la wojambula ayi, lagona pa chinthu chimene waika pa msinkhu wa chipilala.

Maguluwa si ofanana. Gulu la makanda latenga chaka chimodzi chokha cha moyo wa munthu, pamene gulu la akuluakulu latenga zaka 35. Kuyerekeza 14 ndi 70 mosaganizira zimenezi kuli ngati kunena kuti mlimi amene wakolola matumba 70 pa maekala 35 walima bwino kuposa mnzake amene wakolola matumba 14 pa ekala imodzi. Mlimi aliyense akumva zimenezi angakusekeni. Woyambayo wapeza matumba awiri okha pa ekala, pamene mnzakeyo wapeza 14. Funso la mlimi limakhala lakuti, "Pa ekala mwapata angati?" Funso lomwelo ndi limene histogalamu imafunsa: pa chaka chimodzi cha msinkhu wa munthu pagwera odwala angati?

Mwina wina anganene kuti, bwanji osangogawa magulu mofanana n'kuthana nazo? Nthawi zina zimatheka. A kalembera wa anthu amakonda kugawa zaka zisanuzisanu, 0 mpaka 4, 5 mpaka 9, mpaka kumapeto, ndipo magulu akakhala otero palibe chovuta. Koma a zaumoyo ali ndi zifukwa zomveka zogawira mosiyana. Khanda losakwana chaka limadwala mosiyana ndi mwana wa zaka zitatu, n'chifukwa chake amaliwerenga palokha. Ana osakwana zaka zisanu ndiwo amapita kusikelo. Zaka 15 mpaka 49 ndi zimene amaziwerenga ngati msinkhu wobereka kwa amayi. Magulu otere ali ndi tanthauzo pa ntchito, ndipo wolandira lipoti sangawagawenso mwa iye yekha chifukwa zaka za munthu aliyense payekha zinatsalira m'kaundula. Chimene wapatsidwa ndi chomwecho, achijambule moona.

Tiyambe ndi mmene diso limaonera. Munthu akayang'ana chithunzi cha zipilala sayamba ndi kuwerenga manambala a m'mbali. Diso limathamangira pamene padetsedwa kwambiri, pamene patenga malo aakulu. Zipilala zikakhala zotambalala mofanana, chachitali ndicho chimatenganso malo aakulu, choncho msinkhu ndi malo zimanena chimodzi. Zikasiyana kutambalala, ziwirizi zimapatukana. Taonani pa chithunzi cholakwika chija. Chipilala cha makanda n'chotambalala chaka 1, msinkhu 14, ndiye kuti malo ake ndi 14. Cha akuluakulu n'chotambalala zaka 35, msinkhu 70, malo ake ndi 2,450. Pa pepala, akuluakulu atenga malo oposa a makanda maulendo 175, pamene kunena zoona amawaposa maulendo asanu okha. Kukula kwa gulu lawo kwawerengedwa kawiri: koyamba pamene kunasonkhanitsa anthu ambiri m'gulu limodzi, kachiwiri pamene kunatambalalitsa chipilala.

Lamulo la histogalamu ndi limodzi, ndipo zina zonse zimachokera pamenepa: chiwerengero cha gulu chimaimiridwa ndi malo amene chipilala chatenga, osati msinkhu wake. Malo a chipilala amapezeka pochulukitsa kutambalala ndi msinkhu, monga momwe timayezera munda wa ngodya zinayi. Ngati malowo ayenera kufanana ndi chiwerengero, ndipo kutambalala tikukudziwa kale, msinkhu sitingausankhe mwa kufuna kwathu. Uyenera kukhala chiwerengero titachigawa ndi kutambalala kwa gulu. M'mabuku a masamu a ku sekondale ndi pa mapepala a mayeso mudzazipeza zitalembedwa chonchi:

frequency density = frequency ÷ class width

M'chinenero chathu tingati ndi kuthithikana kwa chiwerengero, chifukwa nambala imeneyi imatiuza mmene anthu athithikanira pa chaka chilichonse cha m'gululo.

Ine ndimakonda kuzionera pa madzi. Tungani malita 20 pa mjigo, muwathire m'chigubu. Madziwo aima m'mwamba ndithu, pafupifupi kufika pakamwa. Muwakhuthulire m'beseni lalikulu lochapira, aphwa, mwina osapitirira pa kadzanja. Madzi ndi omwewo, chasintha ndi kutambalala kwa chotengera. Chipilala cha histogalamu ndi chotengera, odwala ndiwo madzi. Odwala 70 ukawathira m'beseni la zaka 35 amaima pa 2. Odwala 14 ukawathira m'kachubu kopyapyala ka chaka chimodzi amakwera kufika pa 14. Wojambula molakwika uja wachita ngati watenga beseni lonse n'kulidzadza kufika pa 70, ndiye kuti wathiramo madzi amene sanatungidwe n'komwe.

Tisanagawe kanthu, pali pamene ophunzira ambiri amapunthwa, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono: kupeza kutambalala kwa gulu. Mwana wasukulu akaona "5 mpaka 14" amachotsa 5 pa 14 n'kulemba 9. Walakwa. Werengani pa zala: 5, 6, 7, 8, 9, 10, 11, 12, 13, 14. Zakwana khumi. Munthu amatchedwa wa zaka 14 kufikira tsiku limene akwanitse 15, choncho gululi limayambira pa 5 n'kukathera pa 15, ndipo kutambalala kwake ndi 10. Chimodzimodzi, gulu la 1 mpaka 4 limathera pa 5 ndipo n'lotambalala zaka 4, pamene la 15 mpaka 49 limathera pa 50 ndipo n'lotambalala zaka 35. Pa mzere wogona timalemba malire enieniwa, 0, 1, 5, 15, 50, ndipo zipilala zimagundana popanda mpata chifukwa palibe msinkhu wa munthu umene uli kunja kwa magulu onse.

Zaka zili ndi khalidwe lakelake chifukwa sitizikweza. Wa zaka 14 ndi miyezi 11 timamutchabe wa zaka 14. Zinthu zoyeza pa sikelo kapena ndi tepi zimasiyana. Ngati kulemera kwalembedwa moyandikizira ku kilogalamu yathunthu, mwana wolemera makilogalamu 9.6 amalembedwa 10, ndipo wa 19.4 amalembedwa 19. Ndiye kuti gulu la 10 mpaka 19 limayambira pa 9.5 n'kuthera pa 19.5. Kutambalala ndi 10 ndithu, koma malire asunthira theka kumbuyo. Wojambula ayambe wafunsa mmene manambalawo anawatengera asanaike pensulo pa pepala.

Kwatsala gulu lomaliza, lija lopanda mapeto, la zaka 50 kupita m'tsogolo. Chotengera chopanda khoma mbali imodzi sichisunga madzi, ndipo gulu lopanda malire silingagawidwe. Njira yabwino ndi kubwerera ku kaundula kukaona wamkulu kuposa onse anali ndi zaka zingati. Zikakanika, timasankha malire omveka n'kulemba poyera pansi pa galafu kuti tasankha tokha. Tikaika pa 80, gululi n'lotambalala zaka 30. Koma onani mmene kusankhaku kumasinthira chithunzi: tikanaika pa 70, msinkhu ukanakhala 1.5, ndipo pa 100 ukanakhala 0.6. Malo a chipilala akhalabe 30 nthawi zonse, koma maonekedwe ake ndi maganizo athu, choncho chipilala chomalizachi musachidalire ngati zinzake.

Tsopano tigawe. Makanda: 14 kugawa ndi 1, yankho 14. Ana a kusikelo: 36 kugawa ndi 4, yankho 9. A zaka 5 mpaka 14: 50 kugawa ndi 10, yankho 5. Akuluakulu: 70 kugawa ndi 35, yankho 2. Achikulire: 30 kugawa ndi 30, yankho 1. Misinkhu yathu ndi 14, 9, 5, 2, 1.

Tengani pepala la galafu lija la timabokosi ta mamilimita awiri. Pa mzere wogona, kabokosi kamodzi kaimire chaka chimodzi, ndiye kuti zaka 80 zitenga masentimita 16. Apa musanyengerere: mtunda wa pakati pa 15 ndi 50 ukhaledi wautali maulendo 35 kuposa wa pakati pa 0 ndi 1. Mukapatsa magulu onse mipata yofanana ngati mabedi a m'dimba, ntchito yonse yogawa ija yapita pachabe. Pa mzere woimirira, sentimita imodzi iimire wodwala mmodzi pa chaka chilichonse, ndipo mulembe m'mbali mwake mawu omwewa, "odwala pa chaka chilichonse cha msinkhu", osati "odwala" chabe. Chipilala cha makanda chidzakhala chopyapyala ngati bango, kabokosi kamodzi, koma chokwera masentimita 14. Chotsatira n'chotambalala timabokosi tinayi, chokwera masentimita 9. Kenako masentimita awiri m'mbali ndi asanu m'mwamba. Cha akuluakulu chidzayala masentimita 7 koma chongokwera awiri, ndipo chomaliza chidzayala 6 n'kukwera imodzi.

Mukaima patali n'kuyang'ana, mudzaona masitepe otsika kuchokera kumanzere kupita kumanja. Chithunzi choyamba chinali phiri lokwera mpaka pa akuluakulu. Ichi chikunena zimene a nesi amaziona tsiku ndi tsiku: odwala athithikana pa ana aang'ono, ndipo amanka napatukana pamene zaka zikukwera. Pa chaka chilichonse cha msinkhu, makanda ndi ochuluka maulendo asanu ndi awiri kuposa akuluakulu.

Mukafuna kutsimikiza kuti simunataye munthu, werengani timabokosi. Pa muyeso umene tasankhawu, timabokosi tisanu tikuimira wodwala mmodzi. Chipilala cha makanda chili ndi timabokosi 70, kugawa ndi 5, odwala 14. Cha akuluakulu chili ndi 35 m'mbali ndi 10 m'mwamba, pamodzi 350, kugawa ndi 5, odwala 70. Onse alimo, ndipo kabokosi kalikonse kali ndi mtengo wofanana kulikonse kumene kali pa pepalapo.

Pali umboni wina umene kwa ine ndi wamphamvu kuposa onse, ndipo ndi umene ndinagonjetsera mdzukulu wanga wina wa Folomu 4 amene ankaumirira kuti kugawaku n'kungovutitsa ana. "Agogo, si mwangosintha manambala a eni ake?" anatero. Ndinamuuza kuti tiyerekeze kalaliki wina wagawa gulu la zaka 5 mpaka 14 pawiri, n'kupeza kuti a zaka 5 mpaka 9 alipo 30 ndipo a zaka 10 mpaka 14 alipo 20. Pa kajambulidwe kolakwika, iyeyu amanga zipilala ziwiri, cha 30 ndi cha 20. Mnzake amene sanagawe amanga chimodzi cha 50, chotalika kuposa zonse ziwirizo. Ana ndi omwewo, sabata ndi yomweyo, koma wina chithunzi chake chakwera pamene cha mnzake chatsika. Ndiye kuti aliyense wofuna kukometsa nkhani yake angathe kutalikitsa chipilala chilichonse pongophatikiza magulu. Tsopano tigawe. 30 kugawa ndi 5 ndi 6, ndipo 20 kugawa ndi 5 ndi 4. Gulu lophatikiza lija linatipatsa 5, pakatikati pa 6 ndi 4. Zili ngati wachotsa khoma pakati pa zotengera ziwiri, madzi n'kulingana. Mwanayo anayang'ana pepalalo kwa kanthawi, kenako anatenga labala n'kuyamba kufufuta yekha.

Histogalamu yojambulidwa bwino imayankhanso mafunso amene sanali pa mndandanda woyamba. Mukafuna kudziwa odwala a zaka zapakati pa 5 ndi 8, dulani chipilala chachitatu pa 8. Chidutswacho n'chotambalala zaka 3, msinkhu 5, ndiye kuti ana pafupifupi 15. Mawu akuti pafupifupi musawasiye, chifukwa denga lathyathyathya la chipilala limatenga ngati ana amwazikana mofanana m'gulu lonse. Taona kale kuti kalaliki wachiwiri anapeza 6 pa chaka kumayambiriro kwa gululi, zomwe zikanatipatsa 18. Gulu likamakula, zobisika m'kati mwake zimachulukanso. M'beseni la zaka 35 lija mwina muli chulu cha amayi achichepere a zaka za m'ma 20, koma histogalamu singachionetse ngati wowerenga sanachipatule.

Dzina lakuti histogalamu linachokera kwa Karl Pearson, katswiri wa masamu a ziwerengero wa ku London, amene analigwiritsa ntchito m'zolemba zake za mu 1895. Galafu ya zipilala wamba ndi yakale kuposa apo, anaifalitsa William Playfair wa ku Scotland mu 1786. Ziwirizi zimaoneka ngati pachibale, n'chifukwa chake zimasokonezedwa, koma ntchito zake n'zosiyana. Zipilala wamba zimayerekeza zinthu zokhala ndi mayina, monga malungo, chifuwa ndi kutsegula m'mimba. Mzere wogona suyeza kanthu, mutha kusinthanitsa malo a zipilalazo, kutambalala kwake kulibe tanthauzo, ndipo pakati pake pamakhala mipata. Pamenepo msinkhu ndiwo chiwerengero, ndipo palibe cholakwika. Mu histogalamu mzere wogona ndi tepi yoyezera, ndipo chilichonse chimene chayalidwa pa tepi chimatenga malo molingana ndi utali wake.

Makompyuta sanathetse vutoli. Mukalemba magulu asanu aja mu Excel n'kusankha galafu ya zipilala, pulogalamuyo imaona "15–49" ngati dzina chabe, n'kupatsa zipilala zonse kutambalala kofanana. Chithunzicho si chabodza ngati chija cha malo 2,450, komabe chimabisa zoti gulu lina ndi la chaka chimodzi ndipo lina la zaka 35. Pulogalamu ya R, imene akatswiri a ziwerengero amagwiritsa ntchito, imachita mwanzeru: mukaipatsa malire osalingana imajambula kuthithikana yokha, ndipo mukaikakamiza kuika chiwerengero pa msinkhu imakuchenjezani kuti malo a zipilala alakwika. Kungoti iyo imagawanso ndi chiwerengero cha onse kuti malo a chithunzi chonse akwane 1. Pa odwala athu 200, misinkhu ikhala 0.07, 0.045, 0.025, 0.01 ndi 0.005. Manambala asintha, masitepe ndi omwe aja.

Mukakumana ndi galafu yotere m'nyuzipepala kapena pakhoma la ofesi, yambani ndi mzere wapansi, muone ngati magulu ali ofanana. Akasiyana, yang'anani mawu a pa mzere woimirira. Ngati palembedwa chiwerengero chabe, ndipo chipilala chotambalala kwambiri ndichonso chachitali kwambiri, tengani foni mugawe nokha musanakhulupirire chimene diso lakuuzani.

Chenjezo lomaliza ndi la iwo amene ajambula bwino. Masitepe athu akusonyeza kuti odwala athithikana pa ana, koma pawokha sakunena kuti mwana ali pa chiopsezo chodwala maulendo asanu ndi awiri kuposa wamkulu. M'dziko ngati lathu, mmene ana ndi achinyamata ali ochuluka kwambiri, anthu a chaka chimodzi m'mudzi ndi ambiri kuposa a zaka 45, choncho akanachuluka pa chipatala ngakhale onse akanamadwala mofanana. Achikulire akuoneka ochepa pa chithunzi chathu mwina chifukwa ndi ochepadi m'deralo, kapena chifukwa mtunda wopita kuchipatala umawakanika. Kuti tidziwe za chiopsezo, odwala a gulu lililonse tiyenera kuwagawa ndi chiwerengero cha anthu onse a msinkhu umenewo okhala m'deralo, ndipo manambala amenewo kalaliki wathu alibe m'kaundula wake, ayenera kukawapempha kwa alangizi a zaumoyo amene amawerenga anthu m'midzi.